Thandizeni: chizindikiro cha malonda olipidwa chikukana kuwoneka

Moni nonse a m'gulu muno, ndili ndi vuto, ndithandizeni nzeru.

Ndimajambula mavidiyo a zaulimi kuno ku Kasungu, makamaka soya ndi mtedza. Mwini sitolo ina ya zipangizo zaulimi pa boma pano adandipatsa mbewu ndi feteleza waulere, kuphatikizapo ndalama pang'ono, kuti nditchule sitolo yake. Ku YouTube zidayenda bwino: ndidachonga bokosi la "paid promotion", ndipo vidiyo ikamayamba pamabwera mawu akuti "Includes paid promotion".

Pavuta ndi pa Instagram. Ndidayatsa "Add paid partnership label" n'kusankha akaunti ya sitoloyo, koma dzina lawo silikutuluka chifukwa eni ake sanavomereze pempho langa. Bambowo akaunti adawatsegulira ndi mdzukulu wawo, amene ali ku Joni, ndipo pasiwedi saidziwa. Ndayesa kutumizanso pempho, ndayesanso pa foni ina, palibe chasintha.

Pakadali pano ndalemba #ad kumayambiriro kwenikweni kwa mawu ofotokoza, chifukwa kumapeto imabisika pansi pa "more". Komabe ambiri onditsatira ndi alimi a ku Santhe ndi Chamama, ndipo sindikukhulupirira kuti #ad ikuwauza kanthu. Bambowo akuti ndingolemba kuti "zikomo", koma kwa ine kumeneko n'kubisa malipiro.

Kodi ndikalemba pamzere woyamba kuti "Vidiyoyi andilipira ndi a sitolo iyi", n'kunenanso pakamwa poyambira, zikukwanira ngakhale dzina lawo lisakuwoneka pa chizindikirocho? Nanga ulendo wina akadzangondipatsa mbewu popanda ndalama, ndidzalembe bwanji?