Fungo la chuku labwerera m'nyumba yomwe ndinapenta mu Okotobala, vuto lili pati?

Wapenti wa ku Kamuzu Road:
Amisiri anzanga, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu waima. Mu Okotobala ndinapenta nyumba ya lendi ya zipinda zitatu kuno ku Salima, kumunsi kufupi ndi dambo. Chipinda chakumbuyo chinali ndi mawanga akuda m'munsi mwa khoma, ndipo ndinapala, ndinatsuka ndi jiki, ndinapaka andakoti kenako makoti awiri a penti wa madzi. Lero ndi Febuluwale, mayi eni nyumba andiitana mokalipa kuti chipindacho chikununkha ngati thumba la chimanga chofuka, zovala za m'wadulopu zachita chuku, ndipo mwana wa alendi amene amagona momwemo akutsokomola usiku uliwonse. Ndapitako, fungo likukulandirira pakhomo, koma mawanga amene akuoneka ndi ochepa, kungoti penti watupa m'munsimu. Mayiwo akukana kundipatsa ndalama yotsala ponena kuti ndinagula penti wachinyengo. Ndichite chiyani kuti fungoli lithe?

Womanga wa ku Chipoka:
Achimwene, munalakwitsa posankha penti wa madzi m'nyumba ya kudambo. Tsukaninso ndi jiki wosasungunula, mudikire tsiku limodzi, kenako mupake penti wa oyilo makoti awiri kuchokera pansi kufika pa windo. Madzi sadutsa pa oyilo, ndipo ine ndachita zimenezi m'nyumba zambiri popanda wondiitananso.

Folomani wopuma wa ku Nkhotakota:
Musathamangire kugula penti, bambo wapenti, chifukwa penti si amene akununkha. Fungo limenelo ndi mpweya umene nkhungu imatulutsa ikamadya ndi kukula, ndipo nkhungu sikula pamalo pouma. Choncho fungo likakhala lamphamvu pamene mawanga ooneka ndi ochepa, dziwani kuti chinyezi chikulowabe ndipo nkhungu yambiri yabisala kumene maso sakufika: kuseri kwa wadulopu, pansi pa kapeti ya pulasitiki, kunsi kwa matiresi kapena pamwamba pa siling'i. Mu Okotobala khoma linali louma chifukwa cha chilimwe, n'chifukwa chake ntchito yanu inaoneka bwino. Mvula itabwera madzi apansi anakwera, vuto lakale n'kudzuka.

Musanakhudze chilichonse, pezani kumene madzi akuchokera. Dulani zidutswa za pepala la pulasitiki loonekera mkati, chilichonse masentimita 45 mbali zonse, mumate chimodzi pansi pa simenti, china m'munsi mwa khoma lotupalo, china m'mwamba mwa khoma lomwelo, ndipo mutseke m'mbali monse ndi tepi kuti mpweya usalowe. Musiye masiku awiri. Madontho akapezeka kunsi kwa pepala, madzi akutuluka m'khoma kapena pansi. Akapezeka pamwamba pa pepala, ndiye kuti ndi mpweya wa m'chipindamo umene uli ndi chinyezi chambiri. Muyang'anenso ufa umene uli pamene penti watupa. Ukakhala woyera, wokhukhuluzika, ndipo ukusungunuka mukauika m'kapu ya madzi, umenewo ndi mchere umene madzi anyamula podutsa m'njerwa, osati nkhungu.

Pulambala wa ku Senga Bay:
Ine ndikuganiza kuti ndi mileme. Chaka chatha ndinaitanidwa ku nyumba ina kuno kunyanja ati sepitiki ikununkha, ndinafukula mapaipi onse osapeza kanthu, mpaka mwana wa m'nyumbamo anandilozera kudenga. Titatsegula siling'i tinatulutsa ndowe za mileme zodzaza mawilibala awiri. Kwerani muone, koma mukazipeza muziwaze madzi musanasese ndipo muvale chotseka pakamwa ndi mphuno, chifukwa fumbi lake limadwalitsa m'chifuwa.

Wapenti wa ku Kamuzu Road:
Zikomo akulu, koma fungo la mileme ndimalidziwa, limalasa m'mphuno ngati mkodzo wogonera. Ili ndi lina, ndi la chinthu chofuka, ngati bulangete limene lapindidwa lisanaume. Mapepala aja ndakamata madzulo ano monga mwanenera, bambo folomani.

Pulambala wa ku Senga Bay:
Chabwino, ngati si mileme, musaiwale mbali yanga. Ngati kuseri kwa khomalo kuli bafa, tsekani mipopi yonse, muwerenge mita ya madzi, mudikire maola awiri popanda wotunga, kenako muwerengenso. Manambala akasuntha, paipi ikudontha m'khoma, ndipo palibe penti amene angapirire zimenezo.

Mayi wokhoma siling'i, Salima:
Ine ndilankhulepo za mwanayo, chifukwa nonse mukukamba za khoma. Ndili ndi mphumu, ndipo ndinaphunzira movutikira tsiku limene ndinagwetsa siling'i yovunda m'nyumba ina popanda chotseka pakamwa: usiku womwewo ndinagona chokhala, m'chifuwa mukulira ngati pinto, mpaka anandithamangitsira kuchipatala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2009 okhudza chinyezi ndi nkhungu m'nyumba, ndipo linanena kuti anthu okhala m'nyumba zotere amavutika kwambiri ndi kutsokomola, kulira kwa m'chifuwa komanso kukula kwa mphumu. Chizindikiro chimene alendiwo angachione okha ndi ichi: ngati mwana amapeza bwino akapita kusukulu kapena akagona kwa agogo ake, koma chifuwa, kuyetsemula ndi kuyabwa kwa maso zimayambiranso akabwerera m'chipindamo, chipindacho chili ndi mlandu. Auzeni lero lomwe kuti mwanayo asamukire m'chipinda china, ndipo matiresi ake aunikidwe kunsi.

Koma musawauze kuti chifuwacho ndi cha nkhungu basi, chifukwa ife si madokotala. Nkhungu siyambitsa chifuwa chachikulu, ndipo munthu amene watsokomola masabata awiri ayenera kukayezetsa, makamaka ngati akuonda kapena kutuluka thukuta usiku. Mufunsenso mwaulemu ngati m'nyumbamo muli wina amene anadwalapo chifuwa chachikulu kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika, chifukwa kwa anthu otere mitundu ina ya nkhungu imatha kukhazikika m'mapapo. Amenewo asakhalepo pamene mukupala khoma.

Womanga wa ku Chipoka:
Mayi, zonsezo n'zoona, koma nkhungu ikaphimbidwa ndi oyilo mwanayo aipuma bwanji? Mwini nyumba akufuna fungo lithe sabata ino, ndipo mnzathuyu akufuna ndalama yake. Jiki ndi oyilo, nkhani yatha.

Folomani wopuma wa ku Nkhotakota:
Achimwene a ku Chipoka, pamene mukunena zoona ndi poti penti wa oyilo amapukutika mosavuta, ndipo m'bafa momwe madzi amachokera m'kati mwa chipinda amathandizadi. Koma madzi akamachokera m'khoma, oyiloyo amawatsekera njira yotulukira, ndiye amakwera kupitirira pamene penti wathera, kapena amatukumula pentiyo n'kumusenda ngati khungu la njoka. Amene sanakuitaneninso mwina anaitana wina.

Za jiki wosasungunulazo ndikuchenjezeni nonse. Gawo limodzi la jiki pa magawo 10 a madzi ndi lokwanira pa khoma la pulasitala, mawindo ali otsegula, mutavala magolovesi, ndipo khomalo muyambe mwalinyowetsa kuti fumbi la nkhungu lisauluke. Musasakanize jiki ndi viniga, mankhwala otsukira chimbudzi kapena asidi uja timatsukira simenti pa matailosi. Mnyamata wanga wina anathira jiki ndi asidi m'ndowa imodzi pofuna kufulumira, mpweya wa kolorini unatuluka, ndipo tinamukoka m'bafamo akutsamwa, maso ali psuu. Komanso jiki amangoyeretsa pamwamba. Siling'i bodi, kapeti kapena matiresi amene nkhungu yalowerera m'kati ndi ofunika kutaya.

Wapenti wa ku Kamuzu Road:
Ndabwerako, ndipo nazi zimene ndapeza. Pepala la m'munsi mwa khoma lanyowa kunsi moti madontho amayenderera, la m'mwamba ndi louma mbali zonse, la pansi pa simenti langochita kachifunga pang'ono kunsi. Mzere wa chinyezi ukufika masentimita 60 kuchokera pansi, ndipo ufa woyera uja wasungunuka m'madzi. Mita sinasunthe. Titasuntha wadulopu tapeza bolodi lake lakumbuyo lakuda bii, khoma nalonso chimodzimodzi, malo aakulu ngati chitseko. Kunja ndaona kuti mayiwo anamanga kabedi ka maluwa kogundana ndi khomalo, dothi lake lakwera mizere itatu ya njerwa, ndipo madzi a padenga amagwera momwemo chifukwa palibe gatala. Maventi onse awiri alendi anawatseka ndi makatoni poopa udzudzu.

Folomani wopuma wa ku Nkhotakota:
Ndiye mlandu suli pa penti wanu. Dipisi, pepala lakuda loletsa chinyezi limene limayalidwa pakati pa njerwa m'munsi mwa khoma, imayenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa dothi lakunja, pafupifupi mizere iwiri ya njerwa, ndipo kabedi ka maluwako kaikwirira, moti madzi akulowa m'njerwa cham'mbali pamwamba pake. Fumulani kabediko, mukumbe mpaka muone m'mphepete mwa pepala lakuda lija pakati pa njerwa, mutsitse dothi, ndipo muike kakhonde ka simenti kotsetserekera kunja ndi ngalande yotengera madzi kutali. Gatala aikidwe. M'kati mugwetse pulasitala yense wodwalayo mpaka masentimita 30 pamwamba pa mzere wa chinyezi, chifukwa mchere umene uli m'menemo umakoka chinyezi cha mumpweya ngakhale madzi atasiya kulowa. Maventi atsegulidwe ndipo muikemo sefa wa udzudzu, wadulopu asagundane ndi khoma, pakhale mpata woti dzanja lilowe.

Chovuta n'chakuti khoma la njerwa lonyowa chotere siliuma m'masabata awiri, makamaka kuno kunyanja nyengo ya mvula. Ine ndikanalisiya lopanda pulasitala mpaka mvula itatha, n'kupaka pulasitala mu Meyi kapena Juni, kenako n'kudikira masabata anayi ndisanapake penti wa madzi kapena laimu, zimene zimalola khoma kupuma. Mukakumba n'kupeza kuti dipisi mulibe n'komwe, nkhani yasintha, chifukwa pamenepo pamafunika kudula khoma pang'onopang'ono, osapitirira mita imodzi nthawi imodzi, n'kumalowetsa pepala, ndipo imeneyo si ntchito ya wapenti.

Womanga wa ku Chipoka:
Bambo folomani, mukufuna mayi wa lendi asiye chipinda chili njerwa zokhazokha miyezi itatu, alendi akulipira? Sadzavomera. Ngati oyilo simukumufuna, apake pulasitala wa simenti yambiri wothira mankhwala oletsa madzi, kenako oyilo pamwamba, ndipo chaka chino adutsa bwinobwino.

Mayi wokhoma siling'i, Salima:
Chaka chino adutsadi, koma kafunga kaja ka pansi pa simenti palibe amene wakayankha. Ngati pansi pa silabu sanayale pepala, chinyezi chizikwerabe kudzera pansi ngakhale khoma litakonzedwa, ndipo alendi akayala kapeti ya pulasitiki fungo lidzabwerera. Bambo wapenti, kodi m'chipindamo muli kapeti, ndipo mwanayo amagona pa bedi kapena matiresi ali pansi?

Pulambala wa ku Senga Bay:
Gatala mukaika, paipi yotsitsa madzi isathere pa ngodya ya nyumba monga ambiri amachitira, ifike mu ngalande. Ndili ndi zotsala za mamilimita 75 ngati mungazifune, mundiuze ndisanapite ku Chipoka Lachisanu.