Lachi ya NOR ikuzimitsa Q ndi Qn nthawi imodzi

Wamawaya: Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndamanga lachi pa 74HC02, chipu cha mageti anayi a NOR, mageti awiri opingasana, batani la S, batani la R, kanyali pa Q ndi kena pa Qn. Lililonse palokha likuyenda bwino. Ndikadina onse awiri tinyali tonse thii! Ndikasiya, nthawi zina kayaka ka Q, nthawi zina ka Qn. Chipu ndasintha kawiri, zomwezo.

Kasolida: Marezisita okokera pansi mwaika? Pini ya CMOS ikangolendewera imachita misala. Ikani 10k pa S ndi pa R.

Wamawaya: Alipo achimwene, ndinayambira pomwepo.

Gogo_Seketi: Chipucho musachiimbe mlandu. Geti ya NOR ikaona 1 pa khomo lililonse imatulutsa 0, osafunsa mnzake. Ndiye S ndi R zikakhala 1, onse awiri akutulutsa 0.

```
S R | Q  Qn
0 0 | Q  Qn
1 0 | 1  0
0 1 | 0  1
1 1 | 0  0
```

Mzere woyamba lachi ikusunga zomwe inali nazo. Womalizawo amati woletsedwa, osati kuti china chipsa ayi, koma Qn yasiya kukhala chosemphana ndi Q. Vuto lenileni lili potulukamo. R akayamba kutsika mukudutsa pa 1 0, Q ikhala 1. S akayamba, Q ikhala 0. Wotsala pambuyo ndiye wapambana, ndipo zala zanu sizisiya mabatani mofanana. Akatsika pamodzi ndendende, geti iliyonse ikuona 0 ndi 0, onse akufuna kukwera, wachangu pang'ono n'kumupondereza mnzake. Ikhoza kuzengereza pakati kanthawi isanagwe mbali imodzi.

Nabatani: Koma ine ndimadziwa kuti woletsedwa ndi 0 0?

Gogo_Seketi: Imeneyo ndi ya NAND mayi, kumeneko zonse ziwiri zimatuluka 1.

Kasolida: Ine ndikuti yezani marezisitawo. Bolodi yongobaya mawaya imanamiza.

Nabatani: Zandikumbutsa ntchito ina. Tinaika Q kuyendetsa mota kutsogolo, Qn kumbuyo, kudzera pa matiranzisita oyaka ndi 0. Munthu anadina onse awiri, mbali zonse zinayaka, fyuzi phuu. Kuyambira pamenepo ndikafuna chosemphana ndi Q ndimatembenuza Q yomweyo, Qn sindiikhulupirira.

Gogo_Seketi: Mageti awiri akutsalani mu chipumo. Imodzi itembenuze S, inayo itenge zimenezo pamodzi ndi R. Ikatero S sangafike pa lachi R ali 1. Koma chenjerani, R akayamba kutsika S akadali wodinidwa, Q ikwerabe, ndipo akatsika moyandikana kwambiri kangadutse kachizindikiro kakafupi kosakwanira.

Wamawaya: Ndiye sizitheratu?

Kasolida: Mapini olowera a mageti otsalawo munawamangirira pansi? Ndikubwerezanso, kulendewera.