Za tiyi wa pamsonkhano: anthu 30, ndalama yochepa

Mlembi wa ofesi: Akuluakulu, thandizeni. Lachinayi tili ndi msonkhano ndi makasitomala, tonse 30. Tiyi ndi wa 10 koloko, mphindi 15 zokha, ndipo tikamwera m'chipinda chomwecho, mapepala ndi malaputopu ali patebulo. Abwana akuti zioneke bwino koma ndalama andipatsa yochepa. Ndigule chiyani, zochuluka bwanji?

Wa zogulagula: Achemwali, musavutike mutu. Mabisiketi a mitundumitundu, zakumwa za m'mabotolo aliyense lake, basi. Palibe chotsuka.

Mayi wophikira misonkhano: Pa mabisiketi mwanena zoona achimwene, koma mabotolowo ndi amene adye ndalama yonse. Munthu amatsegula, kumwa kawiri, belu lalira, botolo latsala theka patebulo. Ikani madzi ozizira m'majagi, ndalamayo ipite ku zakudya.

Achemwali, posankha muziganizira zala za anthu. Munthu dzanja limodzi wagwira kapu, linalo akufuna kupereka moni kenako agwire mapepala. Choncho chilichonse chikhale chouma pochigwira, chotha kuluma kawiri. Zokazinga zamafuta, za shuga womwaza pamwamba ndi za kirimu zisiyeni. Chokoleti nacho chimasungunukira m'zala.

Mitundu itatu yakwana: chamchere chimodzi, chotsekemera chimodzi ndi chipatso. Mitundu ikachuluka aliyense amafuna kulawa chilichonse, ndiye mumakakamizika kugula 30 za mtundu uliwonse. Werengerani zidutswa zitatu pamunthu, zonse pamodzi 90. Buledi wa masilayisi 20 amatulutsa masangweji 10, mukadula lililonse panayi mwapeza tizidutswa 40. Onjezani mabisiketi 30 ndi tizidutswa 20 ta zipatso, mwafika.

Wa zogulagula: Buledi mmodzi anthu 30? Mayi, mukufuna mnzathuyu achite manyazi?

Mayi wophikira misonkhano: Ngati anthu akuchokera kutali osadya m'mawa, gulani awiri, sindikana. Masangweji ndi amene amayamba kutha. Koma si nkhomaliro iyi.

Wolandira alendo: Ife mwezi watha tinaitanitsa mpunga ndi nkhuku, anthu anasangalala kwambiri. Vuto linali mafoloko okha, anachepa.

Mlembi wa ofesi: Asisi, ndi tiyi wa mphindi 15 chabe, nkhomaliro aliyense akadya kwake. Mayi, m'masangwejimo ndiikemo chiyani? Ndimaganiza za phwetekere ndi dzira.

Mayi wophikira misonkhano: Phwetekere ayi. Amatulutsa madzi, pofika 10 koloko buledi wanyowa, ukanyamula akugwa. Tchizi ndi nkhaka zodula mopyapyala zimakhala bwino, bola nkhakazo muziumitse kaye ndi pepala lopukutira. Majarini mupake mpaka m'mphepete, ndi amene amatchinga madzi kuti asalowe m'buledi. Chotsani makoko a bulediyo, dulani ndi mpeni wakuthwa, sanjani tizidutswato choimika nsonga m'mwamba, kenako phimbani ndi pulasitiki kapena kansalu koyera konyowa pang'ono. Mukaona ngodya zayamba kupindika, dziwani kuti mphepo yawapeza. Dzira la mayonezi ndi lotchipa, koma lisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, komanso m'chipinda chotseka limamveka fungo.

Zipatso sankhani zosada mukadula, ngati chinanazi kapena mphesa. Apulo ndi nthochi zimada msanga, pokhapokha mutazithira madzi a mandimu. Chinanazi mubaye timitengo kuti anthu asagwire ndi manja.

Pa tiyi, ena amabwereza, ndiye werengerani makapu 45. Kapu ya mamililita 200, ndiye kuti madzi otentha malita 9, mkaka lita imodzi ndi theka. M'mafulasiki muike madzi okha, timatumba ta tiyi ndi khofi wa ufa pambali, aliyense adzipangire. Mukaphikiratu tiyi, wotsala ndi wotaya.

Wa zogulagula: Apo ndiye pamachedwetsa. Munthu mmodzi akutakasa shuga, anthu 29 ali pamzere.

Mayi wophikira misonkhano: Zoona zimenezo. Shuga, mkaka ndi masupuni zikhale kumapeto kwa tebulo, kutali ndi mafulasiki, ndipo tebulolo lisagunde khoma kuti anthu azitenga mbali zonse ziwiri. Musaiwale kambale kotayamo timatumba tonyowa, apo ayi nsalu yoyera ya patebulo ithimbirira. China, musatulutse zonse nthawi imodzi. Mbale yaing'ono yodzaza imaoneka bwino kuposa thireyi yaikulu yatheka, muzingowonjezera.

Wolandira alendo: Funsaninso ngati alipo amene mtedza umawadwalitsa. Ife wina anatupa milomo chifukwa cha bisiketi, paketi tinali titataya kale.

Mlembi wa ofesi: Ndiwafunsa mawa, mapaketi ndisunga. Nanga makapu? Tili nawo 18 okha ofanana.

Wa zogulagula: A mapepala, olimba aja a zotentha.

Mayi wophikira misonkhano: Kwa makasitomala ine ndingabwereke enieni, oyera okhaokha, kusiyana mawonekedwe pang'ono sikuoneka.

Wa zogulagula: Nanga atsuke ndani, mayi?