Kalasi ya Chijeremani ya B1 ikukanika weil, thandizeni

Chikondi: Aphunzitsi anzanga ine ndatopa. Mayeso a B1 ayandikira koma makalata ndachonga usikuwu ndi "weil ich bin krank", "dass er kommt morgen" okhaokha. Zodzaza mipata amakhoza bwinobwino koma akangoti alembe okha verebu ija yabwerera pamalo achiwiri m'malo mopita kumapeto. Mumatani inu??

Bambo Phiri: Auzeni azilemba denn basi. "denn ich bin krank", verebu siyisuntha, nkhani yatha.

Madamu Eliza: A Phiri, denn ikupulumutsani pa weil pokha, nanga dass, wenn, ob, obwohl mulowetsapo chani? Achemwali, zodzaza mipatazo zisiyeni kaye, zimanamiza chifukwa malo a verebu mwawasonyeza kale. Ine ndimalemba mawu pa timapepala, aliyense agwire kamodzi aime kutsogolo: Der Zug fährt um 8 Uhr ab. Ndiye wina abwere ndi weil, wa fährt ayende yekha mpaka kumapeto akaime kumbuyo kwa ab, zikhale "weil der Zug um 8 Uhr abfährt", liwu limodzi. Apa ndi pomwe mumaona amene wamva, ambiri amasiya ab payekha. Musathamangire Perfekt tsiku lomwelo, "weil ich gearbeitet habe" amaika gearbeitet kumapeto poganiza kuti ndiye verebu, pomwe yopita kumapeto ndi ija imasintha ndi munthu, habe.

Yamikani: zoona, ngakhale deshalb ndi trotzdem amatero, verebu kumapeto

Madamu Eliza: Ayi achimwene musawasokoneze. "Deshalb komme ich nicht", verebu ili pachiwiri pomwepo.

Tadala: Koma ine chaka chomwe ndinali au pair ku Stuttgart mayi wapanyumbapo ankati "weil ich hab keine Zeit" daily, mpaka ndinkaona ngati aphunzitsi anatinamiza kkkk. Wophunzira wanga wina anamvanso zomwezo pa YouTube nkudzanditsutsa mkalasi, anzake kuwomba m'manja.

Madamu Eliza: Polankhula amaterodi, koma pa Schreiben wochonga aziona ngati cholakwa. Auzeni poyera, osabisa.

Bambo Phiri: Ndiye mwaona, eni ake omwe ikuwalemera. denn.

Chikondi: Bambo Phiri kalata yonse denn denn sakuona kuti munthu akuthawa Nebensatz? Komanso denn sungayambe nayo kupereka chifukwa kutsogolo ngati "Weil ich krank bin, komme ich nicht"

Madamu Eliza: Imeneyonso samalani nayo, akazolowera kukankha verebu amalemba "Weil ich krank bin, ich komme nicht". Gawo lonse la weil latenga kale malo oyamba, ndiye ikangodutsa Komma pabwere verebu, bin, komme kugundana. Ndipo za "weil ich habe arbeiten müssen" musazitchule nkomwe pano, muwononga zonse, alembe "weil ich arbeiten musste".

Bambo Phiri: Anga anakhoza ndi denn yemweyo.

Tadala: ndani ali ndi Modellsatz ya Hören? sipika yanga yapsa ndi magetsi dzulo ndiye ndikufuna yoti ndiwatumizire pa foni