Mayunitsi a mpikisano wa miyambi apite kwa ndani?

Mlembi: Achimwene a ku Joni atumiza K20,000 ya mayunitsi a opambana mpikisano wa miyambi patsamba lathu. Koma funso la Lachisanu ladzetsa phokoso. Tinaika ☝️❌🐜. Yankho linali "chala chimodzi sichiswa nsabwe". Awiri akuti tawabera.

Aphunzitsi opuma: Akunena zoona. Kachilombo kameneko ndi nyerere, si nsabwe. Pafoni palibe kachithunzi ka nsabwe. Munthu akaona nyerere maganizo amathamangira ku "chikomekome cha mkuyu". Mwambi ukasowa kachithunzi ka chinthu chake chenicheni, ausiye, atenge wina.

Amayi a ku Area 25: Ine ndinayankha "mutu umodzi susenza denga". Tanthauzo si limodzimodzi?

Aphunzitsi opuma: Ndi limodzi, mayi, koma sitikufunsa tanthauzo. Tikufunsa mawu. Denga munaliona pati?

Msungichuma: Ndalamazo zafika kwa ine, zili bwinobwino.

Malume a ku Bulawayo: Za mjigo zija nazonso zinali bwinobwino.

Aphunzitsi opuma: Taonani ili: 👶🐊❌💧1️⃣. Mwana, ng'ona, kukana, madzi, chimodzi. Zithunzi zikutsata mawu monga amatulukira pakamwa: "mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi". Ng'ona yokhayo yatseka kale njira zina. Funso lililonse likhale ndi kachithunzi kamodzi kotere, koloza mwambi umodzi basi. Kachala kaja aliyense amakawerenga mwake, wina "chala", wina "chimodzi", wina "kumwamba".

Mnyamata wa tsamba: Ndiye la mutu lija ndiike 👤1️⃣❌🛖?

Amayi a ku Area 25: Kwa ine chomalizacho chikuoneka kabokosi chabe.

Aphunzitsi opuma: Mwaona? Kanyumba kaudzuko kanabwera mu 2020, mafoni akale sakadziwa. Ika 🏠 mwanawe, ndipo ulembe pansi kuti mwambiwu uli ndi mawu anayi. Usanaike patsamba, tumizira anthu atatu a mafoni osiyana. Awiri akapereka mayankho osiyana, funsolo ndi lodwala.

Mlembi: Nanga wolemba "susenza" ndi wolemba "siusenza"?

Aphunzitsi opuma: Onse akhoza. Kalembedwe tisalimbane nako. Yankho, pamodzi ndi manenedwe ena ovomerezeka, lizifika kwa inu alembi funso lisanatuluke, kuti wina asadzati tasintha pokondera m'bale wathu.

Malume a ku Bulawayo: Ine nali langa: 🐀🏺❌. Msungichuma ayankhe.

Msungichuma: Malume, ngati mukunditcha khoswe wa pamkhate nenani poyera. Malisiti a mjigo ndinawaonetsa pamsonkhano.

Mnyamata wa tsamba: Koma funso la amalume ndi lomveka bwino 😂 ndiliike Lachisanu?

Aphunzitsi opuma: Ayi. Mtsukowo ena auwerenga mphika, ena mtsuko wamadzi. Komanso yankho laululika kale muno.

Achimwene a ku Joni: Ndangotuluka kuntchito. Ndiye wapambana ndani?

Mlembi: Tikadakambirana, achimwene.

Amayi a ku Area 25: Ine ndinayankha woyamba, zimenezo zilembedwe.