Satifiketi yalemba U = 0.4 ndi k = 2, kodi themomita yathu yakhoza kapena yalephera?

Nabanda

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito kumalo osungira mankhwala kuno ku Lilongwe. Chipinda chathu chozizira chimayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ndondomeko yathu imati themomita yake isaphonye kupitirira 0.5 uku kapena uku. Mwezi watha inabwera kampani ina kudzachita kalibireshoni, kutanthauza kufanizira themomita yathu ndi yawo kuti aone m'mene ikuphonyera, satifiketi itafika ine ndinangosaina n'kuiponya mu failo. Dzulo kunali oditi. Mayi amene amayendera uja anazunguliza malo awiri ndi pensulo, n'kundifunsa ngati ndinaiwerenga ndisanasaine. Ine kukamwa yasaa. Tebulo lake ndi ili:

```
Reference  Indication  Error  U (k=2)
2.0        2.2         +0.2   0.4
5.0        5.3         +0.3   0.4
8.0        8.3         +0.3   0.4
```

Malo oyamba amene anazunguliza ndi 0.4 uja. Achiwiri ndi chiganizo cha m'munsi chonena kuti miyeso yawo imalondoleka mpaka ku miyeso ya dziko. Apereka masabata awiri kuti tiyankhe. Ine ndimaona 0.3 kuti ndi wochepa kuposa 0.5, ndiye vuto lili pati?

Gondwe

Achemwali, 0.3 yekha sakwanira, pamenepo oditi akunena zoona. Koma yang'anani k = 2 uyo. Ndiye kuti 0.4 muchulukitse kawiri, apezeka 0.8. Themomita imeneyo yalephereratu, kagulenitu ina.

Chisale

Ife kuno kuchigayo sikelo yathu amabwera a MBS, amayesa ndi miyala yawo, amamata sitika, basi. Kodi yanuyo sanamate sitika? Ngati ilipo muwaonetse a oditiwo, nkhani yatha.

Che Jafali

A Chisale, yanuyo ndi nkhani ina. Sikelo yogulitsira malonda imayesedwa kuti aone ngati ili m'malire amene lamulo linaika, ndipo yankho lake ndi eya kapena ayi. Pepala la mayi Nabanda silinagamule chilichonse. Langonena kuti themomita ikuphonya mwakuti ndipo oyesawo akukaikira mwakuti. Kugamula anasiyira mwini wake.

A Gondwe, mwachulukitsa kachiwiri chinthu chimene chinachulukitsidwa kale. Oyesa amayamba asonkhanitsa zonse zimene zingawasocheretse, monga themomita yawo yofanizira, kusinthasintha kwa kuzizira pamene amayesa, ndi poti yanuyo imangoonetsa nambala imodzi pambuyo pa kadontho. Zonsezo pamodzi zinawapatsa 0.2. Kenako 0.2 uja anamuchulukitsa ndi k kuti mpata ukule, ndiye 0.4 amene ali papepalayo. U wamkulu ndi yankho lomaliza, ndipo k amangokuuzani kuti anachulukitsa ndi chiyani. Ntchito yake ndi yogawira mukafuna kubwerera ku 0.2.

Tanthauzo lake pa mzere wa madigiri 5 ndi ili: iwo anapeza kuti themomita ikuwerenga mokweza ndi 0.3, koma kuphonya kwenikweni kuli penapake pakati pa -0.1 ndi +0.7, ndipo zimenezo akuzikhulupirira pafupifupi 95 pa 100. Malire anu ndi 0.5. Mpata wa chikaiko wadumpha mpanda. Simunganene motsimikiza kuti yakhoza, komanso simunganene kuti yalephera.

Gondwe

Chabwino bambo, pochulukitsa paja ndapsa. Koma 0.3 kuphatikiza 0.4 ndi 0.7, wadutsabe 0.5. Kwathu kufakitale zikatero timailemba kuti yalephera, palibe zokambirana.

Che Jafali

Kwanuko munasankha lamulo limenelo, ndipo ndi labwino, koma si lokhalo. Ena amangoyerekeza 0.3 ndi 0.5 n'kuvomera, podziwa kuti akusenza chiopsezo. Chiopsezocho tingachiwerenge. Kuchokera pa 0.3 kufika pa 0.5 pali 0.2, ndipo 0.2 ameneyo ndi wofanana ndendende ndi chikaiko chija chisanachulukitsidwe. Zikatero, mwayi woti kuphonya kwenikweni kwapitirira 0.5 ndi pafupifupi 16 pa 100, kunena kwina kamodzi pa ka 6. Pa chipinda cha tomato ndikhoza kugona tulo. Pa insulini ndi katemera ayi.

Ndikuganiza kuti a oditi sanakwiye ndi themomita. Akufuna aone kuti ndondomeko yanu ikunena chochita ndi U. Ngati siinena kanthu, dzenje lili pamenepo. Ngakhale ISO/IEC 17025 ya 2017, ndondomeko yapadziko lonse ya malabu oyesa zida, imati labu ikapemphedwa kulemba kuti chida chakhoza kapena ayi, ayambe agwirizana ndi kasitomala lamulo logamulira, ndipo lilembedwe pa satifiketi.

Nabanda

Ndondomeko yathu ili chete pa U, ndaiwerenga kawiri. Nanga pakadali pano, pamene tikukonza mapepala, chipindacho ndichite nacho chiyani? Alamu yathu inatcheredwa pa 2.0 ndi 8.0.

Che Jafali

Apa ndiye pali ntchito ya lero. Yambani mwaona mutu wa danga lachitatu. Lanu lalembedwa `Error`, kutanthauza zimene themomita yaonetsa kuchotsapo zenizeni. Ena amalemba `Correction`, ndipo chizindikiro chake chimatembenuka, +0.3 amakhala -0.3. Ndinaonapo munthu akuphatikiza pofunika kuchotsera, kuphonya kwa 0.3 n'kusanduka 0.6 ndi dzanja lake lomwe.

Yanu imawerenga mokweza, ndiye choopsa chili kumunsi. Ikamaonetsa 2.0, m'chipindamo muli pafupifupi 1.8, ndipo ndi chikaiko chija mwina 1.4. Alamu ikamalira, mankhwala azizira kale kupyola malire. Kuti mukhale ndi chikhulupiriro choti simunatsike pansi pa 2.0, tengani 2.0, onjezani 0.2 wa kuphonya, onjezaninso 0.4. Alamu yakumunsi ikhale pa 2.6. Kumtunda kuphonya kukukuthandizani: 8.0 kuonjeza 0.3 kuchotsa 0.4, mupeza 7.9. Tcherani 2.6 ndi 7.9, mulembe chifukwa chake, musaine. Ngati chipinda chanu chimasewera pakati pa 4 ndi 6 monga zambiri zimachitira, simudzamva n'kusiyana komwe.

Mayi Mbewe

Pepani kulowerera. Ine satifiketi ya sikelo yathu ya mu labu inalembedwa k = 2.28 pa mzere umodzi, ina yonse 2. Ndimayesa kuti taipisiti anaphonya batani.

Che Jafali

Sanaphonye mayi. Pamene chikaiko chambiri chachokera ku kubwereza muyeso kangapo kochepa, k amakwera kuti 95 pa 100 uja asatsike. Mukhoza kuona 2.28, 2.65, ngakhale 2.87. U wake mumugwiritse ntchito monga alili. Kungoti pobwerera kumbuyo mugawe ndi 2.28, osati 2.

Gondwe

Chimene chikundivuta ine ndi kukula kwa 0.4 ameneyo. Yathu ya mtundu womwewo inabwera ndi 0.15. Achemwali, anayesera kuti anthu amenewa?

Nabanda

M'chipinda chozizira momwemo achimwene. Anamangirira kachingwe ka themomita yawo pa kathu ndi labala, n'kumasintha makina a chipindacho kuchoka pa 2 kupita pa 5 kenako 8. Mankhwala tinali titasamutsira ku filiji ina. Zonse zinatha nkhomaliro isanakwane.

Gondwe

Ndiye chake n'chimenecho. Mumpweya wa m'chipinda fani ikuomba, kompuresa ikuyaka n'kuzima, tizingwe tiwiri sitingamve kuzizira kofanana. Yathu tinaichotsa, anakaiviika m'beseni la madzi amankhwala ozungulitsidwa ndi makina. Mukapeza 0.15, ndiye 0.3 kuphatikiza 0.15 ndi 0.45, yalowa mkati mwa 0.5. Themomita yomweyo, osagula ina.

Che Jafali

Apa a Gondwe alasa, bola kuphonyako kukapezekenso 0.3, poti m'beseni kukhoza kutuluka nambala ina pang'ono. Ndipo anthu aja tisawanyoze, analemba 0.4 moona mtima. Ndikanaopa kwambiri akanayesera mumpweya n'kulemba 0.05. Ambiri amafuna kuti U asapose gawo limodzi mwa magawo anayi a malire, ena atatu. Pa 0.5 wanu ndiye cha m'ma 0.13 mpaka 0.17. Nambala imeneyo muziilemba pa oda musanaitane munthu.

Tsopano malo achiwiri amene anazunguliza. Chiganizo choti miyeso imalondoleka mpaka ku miyeso ya dziko aliyense akhoza kuchitaipa. Chimene chikufunika ndi tcheni: yanu anaifanizira ndi yawo, yawoyo inayesedwa ndi labu ina, labuyo inatengera kwa osunga miyeso ya dziko monga NMISA ku South Africa, ndipo pa mfundo iliyonse pali satifiketi yokhala ndi chikaiko chake. Yang'anani pamwamba pa pepala lanu. Kodi pali chizindikiro cha mabungwe ovomereza malabu, SADCAS kapena SANAS, chokhala ndi nambala ya labuyo? Ngati chilipo, ena anakayendera kale tchenicho m'malo mwanu. Inu mungofufuza pa mndandanda wa zimene labuyo inavomerezedwa, muone ngati kuyesa themomita pa madigiri amenewa kulipo, ngati analoledwa kuyesera kwa kasitomala, ndiponso kuti U wa pa satifiketi si wochepa kuposa amene anavomerezedwa.

Nabanda

Chizindikiro palibe bambo. Pali logo yawo yokha. Koma alemba siriyo nambala ya themomita yawo ndi nambala ya satifiketi yake. Ndawaimbira, anditumizira kope. Inayesedwa ku South Africa ndi labu yokhala ndi chizindikiro cha SANAS, U wake 0.05, miyezi 14 yapitayo, pa madigiri 0, 50 ndi 100. Siriyo ikugwirizana.

Gondwe

Miyezi 14? Yatha ntchito imeneyo, satifiketi imakhala chaka chimodzi.

Mayi Mbewe

Ayi a Gondwe, chaka chimodzi ndi chizolowezi chabe. Yathu ilibe n'tsiku lothera lomwe, labu inati salemba pokhapokha kasitomala atapempha. Mwini chida ndiye amaika nthawi. Afunseni kuti iwo anaika miyezi ingati, ndipo pakatipa amaiona bwanji, kaya ndi madzi oundana pa 0.

Che Jafali

Mayi Mbewe anena zoona. Ine miyezi siikundidetsa nkhawa kwambiri, ndipo 2 mpaka 8 ali pafupi ndi 0 amene anayesedwa, ndiye mfundo imeneyo ya tcheni ndi yolimba ndithu. Yofooka ndi yomaliza, ya iwowo kufika kwa inu. Palibe wakunja amene anaona njira yawo kapena m'mene anawerengera 0.4. Apempheni pepala la mawerengedwe a chikaikocho. Akakupatsani, muli ndi choonetsa a oditi. Akayamba kuzungulira, mwadziwa.

Gondwe

Ine ndikanangotumiza ku labu yovomerezeka basi. Oditi wa mankhwala sangalandire mapepala osokererawa.

Che Jafali

Ena amalandira umboni ukakhala wokwanira, ena ayi. Zitengera zimene ndondomeko yawo ndi makasitomala awo analemba.

Nabanda

Alamu ndasintha, 2.6 ndi 7.9, abwana asaina. Pepala la mawerengedwe ndapempha, akuti mwini wake ali ku Mzuzu abwera Lachinayi. Zotumiza themomita kunja abwana akuti tione kaye mtengo, komanso tilibe ina yoti itsale m'chipindamo ikachoka iyi. Alipo amene anabwerekapo yapadera kwa masabata angapo, ndipo a oditi anailandira ndi satifiketi ya eni ake?