Ngongole ya NaPhiri: zomwe tamanga ndi zomwe zatsala

Mlembi: Mwadzuka bwanji amayi nonse. Dzulo gulu lathu la banki m'khonde la kuno ku Area 25 linalemba mauthenga oposa 200, kuphatikiza mavoisi. Ndawerenga ndi kumvetsera onse, bandulo yanga mpaka yatha. Nachi chidule, kuti Lamulungu tisayambirenso pachiyambi.

Nkhani yake: NaPhiri anakongola K150,000 mu Ogasiti, chiwongoladzanja 20 peresenti pamwezi, ndiye amayenera kubweza K180,000. Anatumiza K100,000 pafoni ya msungichuma usiku wa tsiku la msonkhano, bokosi litakhomedwa kale.

Zomwe tamanga: ndalamayo tikuiwerenga kuti inafika pa tsiku lake, choncho chindapusa cha K5,000 palibe. Anavomera anthu 11 mwa 18. Tamanganso kuti yotsalayo abweze pofika msonkhano woyamba wa Okutobala, ndiponso kuti ndi K96,000.

Zatsala: ndalama yochotsera kwa ejenti, imene msungichuma analipira ya m'thumba mwake, abweze ndani?

NaBanda: Alembi, mwagwira ntchito, koma K96,000 mwaiika polakwika. Sitinamange imeneyo. Anaitchula ndi amayi tcheya cha m'ma 11 koloko usiku, oyankha anali anayi okha, enafe tinali titagona.

Mlembi: Koma palibe anatsutsa, mayi.

NaBanda: Atsutsa bwanji munthu ali m'tulo? Kwererani m'mwamba muone voisi ya NaPhiri ya 6 koloko m'mawa. Akukana.

NaPhiri: Zoona ndakana. Ine K100,000 ija ndinabweza ku ngongole yeniyeniyo. Ndiye pa K150,000 patsala K50,000. Chiwongoladzanja chatsopano chikhale pa K50,000 imeneyo, yomwe ndi K10,000. Mukaphatikiza ndi K30,000 yakale ija, zonse ndi K90,000. Musandidulire chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja, anzanga, tomato sakuyenda ku Tsoka.

Gogo NaNgozo: Mwana wanga, ine ndakhala m'mabanki m'khonde atatu, ndikuuze mmene buku limayendera. Ndalama ikabwera, timayamba tachotsa chiwongoladzanja, chifukwa ndiyo phindu lomwe timagawana mu Disembala. Pa K100,000 yako, K30,000 inapita kumeneko, K70,000 ndiyo inadula ngongole. Yatsala K80,000, ndipo yonseyo ndi ngongole yeniyeni, osati chiwongoladzanja. 20 peresenti yake ndi K16,000, ndiye K96,000. Kusiyana kwanu ndi K6,000 basi, ndipo kukuchokera pa funso limodzi: ndalama ikafika yosakwanira, iyambe kudula chiyani? Alembi, lembani funso limenelo, osati mayina a amene anakalipirana.

Mayi a Tadala: Ine ndiye mundibwezere K5,000 yanga. Mu Juni ndinachedwa ndi tsiku limodzi, munandilipiritsa osandimvera chisoni.

Amayi tcheya: Mayi a Tadala, inu munabweretsa Lolemba masana. NaPhiri anatumiza Lamulungu lomwelo, uthenga wa pafoni ukuonetsa 9:14 usiku. Si nkhani imodzi.

Mayi a Tadala: Nanga bokosi silinali lokhoma? Makiyi atatu onse anali atapita kwawo.

NaBanda: Apa mayi a Tadala ali ndi mfundo pang'ono. Tamukhululukira NaPhiri, inde, koma sitinanene ngati ndi lamulo la aliyense kapena ndi iye yekha. Chiikeni pa zotsala chimenecho, apo ayi mwezi wamawa theka la gulu lidzatumiza pakati pa usiku.

Msungichuma: Ndipo musaiwale yochotsera ija. Dzulo inakwiririka ndi nkhani ya yunifomu ya zitenje, palibe anandiyankha. Risiti ndili nayo.

Gogo NaNgozo: Malamulo athu analembedwa tisanayambe kutumiza pafoni, n'chifukwa chake ali chete pamenepo. Bukulo lili m'bokosi. Tsamba la ngongole tikaliwerenge mokweza tisanavote, mwina za K6,000 zija zinalembedwa kale ndipo tikungotaya malovu.

Mlembi: Chabwino, ndakonza. Chidule choyamba chija ndachifufuta kuti chisasokoneze.

Tamanga ziwiri: chindapusa kwa NaPhiri palibe (11 mwa 18), ndipo yotsala abweze pofika msonkhano woyamba wa Okutobala.

Zokambirana Lamulungu 2 koloko pakhonde la amayi tcheya: yotsalayo ndi K96,000 ngati tiyamba kudula chiwongoladzanja, kapena K90,000 ngati tiyamba kudula ngongole, yochotsera alipire wotumiza kapena ichoke m'thumba la gulu, ndalama yotumiza pafoni bokosi litakhomedwa tiziilandira mpaka nthawi yanji. Osunga makiyi nonse atatu musajombe, bukulo tikulifuna. Msungichuma abwere ndi risiti.

NaPhiri: K80,000 ndiye sindikuikana, ndiyamba kuisonkhanitsa. Za pamwambazo tikaonere m'buku.

Mayi a Tadala: Ya Juni ija simunailembe, alembi.

Mlembi: Palibe anaitchula dzulo, mayi. Mukaidzutse nokha Lamulungu.